Ngongole ya madola pomwe salale ndi ya kwanu: intelesti yochepayo ndi nyambo

Mlamu wanga anandipatsa foni yake kuti ndione sitetimenti ya loni yake, osayankhula kanthu, anangondigwiritsa m'manja basi. Anali atalipira miyezi 12 osadumphitsa olo mwezi umodzi, koma pansi pake pomwe amalemba ngongole yotsala, ataisinthira mu ndalama yomwe amalandira kuntchito, inali yochuluka kuposa yomwe anatenga tsiku loyamba. Ndinawerenga kawiri. Iye nde akuti "alamu, ndiuzeni ngati akundibera, chifukwa ine mutu wanga sukugwira". Ndipo chowawa n'choti palibe amene anamubera, masamu onse anali olondola, kungoti anasaina ngongole ya madola pomwe salale yake imabwera mu ndalama ya dziko lake.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi amodzi ndipo sindiwabisa. Munthu wapasalale akatenga ngongole mu ndalama yakunja amakhala wasaina ngongole yomwe kukula kwake sakukudziwa. Papepala pamalembedwa 10,000 inde, koma 10,000 imeneyo ndi ya ndalama yomwe iwe sumaigwira, mwezi uliwonse uyenera ukaigule kaye, ndipo mtengo wogulira sauika ndi iwe, sauikanso ndi bwana wako. Anthu amati akubwereka motchipa. Ine ndimati akubetcha kuti ndalama ya kwawo siigwa kwa zaka zitatu, zisanu, ena mpaka 30, ndipo kubetchako aikapo nyumba kapena galimoto.

Tiyeni tiwerengere limodzi nkhani ya mlamu wangayu, manambala ndawasalaza kuti asativute koma mmene zinayendera ndi momwemu. Ankafuna 1,000,000 ya kwawo, ndipo nthawi imeneyo dola imodzi inali pa 100, ndiye kuti madola 10,000. Salale yofika m'manja inali 100,000 pamwezi. Obwereketsa anamuikira mapepala awiri patebulo. Loyamba, loni mu ndalama ya kwawo, intelesti 24 peresenti pachaka, zaka zitatu, azidula 39,200 pamwezi. Lachiwiri, loni ya madola, intelesti 8 peresenti, zaka zitatu zomwezo, azilipira madola 313 pamwezi omwe pa reti ya tsikulo anali 31,300. Ndani akanasankha loyamba? Kusiyana kwake 7,900 mwezi ndi mwezi, ndalama yoti umaiona ndithu m'thumba, ndipo munthu ukaona 8 pambali pa 24 ubongo umangoti apa ndapata. Inenso akanandifunsa nthawi imeneyo ndisanakhale pansi ndi kakyuleta mwina ndikanamuuza kuti tengani ya madolayo.

Chaka choyamba zinayenda bwino kwambiri moti ankatiseka ife a intelesti ya 24. Analipira 375,600 yonse pamodzi, ndipo ngongole ya madola inatsika kuchoka pa 10,000 kufika pa 6,930. Kenako tsiku lina reti inasuntha, dola kuchoka pa 100 kufika pa 150. Madola 313 aja sanasinthe olo pang'ono, obwereketsa sanawonjezere kanthu, koma kuti awagule tsopano ankafunika pafupifupi 47,000. Dzulo ngongole inkadya gawo limodzi mwa magawo atatu a salale, lero ikudya pafupifupi theka. Ndipo madola 6,930 otsala aja ukachulukitsa ndi 150 akukwana 1,039,500. Ndi nambala imene inali pa foni paja. Chaka chathunthu akulipira, ngongole yakula ndi 39,500. Akanatenga ya intelesti 24 ija bwenzi pamenepa atatsala ndi 742,000, ndipo mwezi wotsatira akanadulidwa 39,200 yomwe ija.

Apa pali kanthu kena ka masamu komwe kamapusitsa anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Nkhani zikamalengeza zimati ndalama yagwa mphamvu ndi 33 peresenti, iwe nkumaganiza kuti ngongole yako yakweranso ndi 33. Ayi. Kuchoka pa 100 kufika pa 150, ndalama ya kwanu yataya gawo limodzi mwa atatu, koma dola yakwera ndi 50 peresenti, ndipo iwe wangongole umatsatira kukwera kwa dolako. Ndalama ya kwanu ikagwa ndi theka ngongole yako imawirikiza kawiri. Nde ukamva chilengezo usamagwire nambala yomwe yatchulidwa pa wailesi, tenga reti yatsopano ugawe ndi yakale, yankho lakelo ndi lako.

Tsono funso lomwe anthu sadzifunsa ndi ili, n'chifukwa chani intelesti ya dola ili 8 pomwe ya kwanu ili 24? Kodi a banki amakukonda kwambiri ukabwereka madola? Kusiyana kwa 16 kumeneko sikunagwe kumwamba. Mbali yaikulu n'chifukwa choti mitengo ya zinthu m'dziko mwanumo ikukwera mofulumira kuposa kwa eni dola, ndipo aliyense wobwereketsa akudziwa kuti ndalama yomwe adzabwezeredwe pakatha zaka zitatu idzakhala yofooka kuposa yomwe wapereka lero. Nde amadziteteza ndi intelesti yokwera. Akakubwereka mu madola safunikanso kudziteteza choncho poti kufooka kwa ndalamako wakusenzetsa iweyo. Katundu ndi yemweyo, wangosintha mutu womusenza. Mwachidule, dola ikamakwera mozungulira 16 peresenti pachaka ngongole ziwiri zija zimafanana mtengo, ikakwera mochepera wapindula, ikapitirira waluza. Ndipo intelesti ya kwanu ikakhala yokwera kwambiri, mmalo moti uziti nde ndithawire ku dola, imeneyo ndi belu loti anthu odziwa za ndalama akuyembekezera kuti igwa. Nyambo imaoneka yonona kwambiri pomwe mbedza ili yaikulu.

Ena anena kuti koma reti yakhala malo amodzi zaka zingapo, boma likuigwira, banki yaikulu inalonjeza. Kunena zoona apa mpomwe ine ndimaopa kwambiri. Ndalama yomwe imatsika pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku imakuchenjeza, umaiona, umakhala tcheru. Yogwiridwa ndi boma imakugoneka tulo, chifukwa imakhala phee kwa zaka kenako imagwa tsiku limodzi. Ndalama ya ku Thailand inakhala pafupi ndi 25 pa dola kwa zaka zoposa khumi, anthu ndi makampani nkumabwereka madola mosaopa, pa 2 Julayi 1997 boma linaitaya ndipo pofika Januwale 1998 dola inali itapitirira 50. Argentina inachita kuika m'malamulo kuti peso imodzi ndi dola imodzi kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo kumayambiriro kwa 2002 lamulolo linatha, patangopita miyezi yochepa dola imodzi inkagulidwa ndi mapeso oposa atatu. Palibe boma lomwe limalengeza kuti mwezi wamawa tigwetsa ndalama, likatero aliyense athamangira kukagula madola lero lomwe. Nde limakana mpaka tsiku lomaliza. Si nkhanza, ndi mmene zimayendera, koma iwe wangongole usamatenge kukana kwawoko ngati chikole chako.

Ndipo musaganize kuti izi zimagwera mayiko osauka okha kapena anthu osapita kusukulu. Nkhani yomwe imandiphunzitsa kwambiri ndi ya ku Poland ndi Hungary. Chisanafike chaka cha 2008 mabanki kumeneko ankapereka ngongole za nyumba mu furanki ya ku Switzerland, chifukwa intelesti ya furanki inali yotsika kwambiri kuposa ya ndalama zawo. Aphunzitsi, manesi, anthu a m'maofesi, olandira salale mu zilote za ku Poland ndi mu forinti za ku Hungary, ambiri mwa iwo furankiyo sanaigwirepo n'komwe m'manja, inkangolembedwa pa kontirakiti. Ku Poland kokha mabanja oposa theka la miliyoni analowamo. Pakati pa 2008 furanki imodzi inali pafupi ndi zilote ziwiri. Mavuto a zachuma a chaka chimenecho atabuka anthu a ndalama padziko lonse anathamangira kukabisa chuma chawo mu furanki poti ndi ndalama yodalirika, nde inakwera. Taonani tsoka lake, ndalama yomwe imakhala ndi intelesti yotsika kawirikawiri ndi yomwe anthu amathawirako zinthu zikavuta, ndiye imakwera nthawi yomweyo yomwe ntchito zikutha ndipo masalale aima. Mikwingwirima iwiri nthawi imodzi.

Mu Seputembala 2011 banki yaikulu ya ku Switzerland pofuna kuti furanki isakwerenso inaika malire kuti yuro imodzi isatsike kupyola mafuranki 1.20, anthu nkupumako pang'ono poganiza kuti pamenepa nde pathera. Pa 15 Januwale 2015 mmawa, popanda chenjezo, inachotsa malirewo. Tsiku lomwelo furanki ku Poland inachoka pa zilote zitatu ndi theka nkupitirira zinayi. Munthu amene anabwereka pa ziwiri mu 2008 anapezeka kuti furanki iliyonse yotsala pa ngongole yake yawirikiza mtengo kawiri, ndipo poti ngongole ya nyumba ya zaka 30 imatsika pang'ono kwambiri zaka zoyambirira, ambiri atalipira zaka zisanu ndi ziwiri anali ndi ngongole yaikulu kuposa yomwe anatenga, ena yaikulu kuposa mtengo wa nyumba yeniyeniyo. Ndi nkhani ya mlamu wanga yomwe ija, kungoti iyi ndi ya nyumba ndipo ndi ya zaka zambiri. Chisankho chinapangidwa mu ofesi ya dziko lina, ndi anthu omwe ntchito yawo ndi kusamala chuma cha dziko lawo, osati bajeti ya nesi wa ku Poland.

Pamenepa pa nyumba ndiimepo kaye chifukwa ndi pomwe msampha umatsekera. Ngongole ili mu ndalama yakunja koma chikole chili pa mtengo wa kwanu. Nyumba yako siikwera mtengo tsiku lomwe dola yakwera, nthawi zambiri imatsika kumene chifukwa ogula asowa. Ukati ndigulitse ndithane nazo, ndalama yomwe upeze siikwana kutseka ngongoleyo, utsala wopanda nyumba koma ngongole ikadalipo. Makontirakiti ena amalolanso obwereketsa kukuuza kuti chikole chachepa, wonjezera china kapena lipirako ndalama yochuluka pompano. Galimoto nde zake zina, magalimoto obwera kuchokera kunja amakwerako mtengo dola ikakwera, koma yako ikukalamba tsiku ndi tsiku ndipo ogula alibe ndalama nthawi imeneyo.

Pali kenanso kakang'ono komwe sikamveka phokoso koma kamadya kuyambira tsiku loyamba, kusiyana kwa reti yogulira ndi yogulitsira. Banki siikhala ndi reti imodzi. Tinene kuti imagula dola pa 98 nkumagulitsa pa 102. Pokupatsa loni ya madola 10,000 mu ndalama ya kwanu amawerengera ngati akugula madolawo kwa iwe, nde ulandira 980,000. Ukatembenuka pakhomo pomwepo kuti ndasintha maganizo ndikubweza, akuwerengera pa 102, ndiye 1,020,000. Usanagone olo tulo tamodzi 40,000 yapita, ndipo mwezi uliwonse polipira uzigula pa reti yapamwambayo. Choipa kwambiri ndi pomwe kontirakiti ikuti reti idzakhala "yomwe banki yaika tsiku limenelo", osatchula kuti aitenga kuti. Ndiye kuti amene ukumulipira ndi yemwenso akuika mtengo. Nkhani imeneyi ndi yomwe inafikitsa mabanki ku makhothi ku Ulaya, ndipo pa 3 Okutobala 2019 khothi lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linagamula mokomera banja lina la ku Poland, zomwe zinatsegula njira yoti makhothi a m'dzikomo azithetsa makontirakiti otere.

Nde wina atha kunena kuti mwaona, pamapeto pake anthu anathandizidwa. Inde ena anathandizidwa, sindikukana. Boma la Hungary kumapeto kwa 2014 linakakamiza kuti ngongole za nyumba zisinthidwe kukhala za forinti, pa reti ya mozungulira 256 pa furanki, ndipo anachita mwayi poti zinachitika patangotsala miyezi iwiri kuti tsiku la mu Januwale lija lifike. Koma taonani nambalayo, ambiri anabwereka furanki ili mozungulira 150 mpaka 160. Kuthandizidwa kwake kunali kuimitsa magazi, bala linali litachitika kale. A ku Poland omwe anawina milandu anadikira zaka zoposa khumi chitengereni ngongole, akulipira maloya, mabanja ena atapasuka kale ndi nkhawa. Ndipo anathandizidwa chifukwa anali ochuluka zedi, mavoti awo ankawerengeka. Iwe ukakhala wekha ndi kaloni kako ka galimoto, kapena unabwereka kwa m'bale wako wakunja, palibe nyumba ya malamulo yomwe idzakumane chifukwa cha iwe.

Ndatchula m'bale dala, chifukwa ngongole zambiri za mtunduwu sizichokera ku banki n'komwe. Mchimwene wako ali kunja wakutumizira madola 2,000 kuti umalize sukulu kapena ukonze denga, mwagwirizana pa foni kuti udzabweza, palibe anatchula kuti mu ndalama iti. Iwe mumtima ukuwerengera 200,000 yomwe unalandira, iye akuwerengera madola 2,000 omwe anatuluka mu akaunti yake. Reti ikasuntha aliyense akunena zoona ndipo chibale chimagwedezeka. Zoterezi muzikambirana tsiku lomwelo lotumiza, olo pa meseji, kuti kubweza kudzakhala mu chani ndipo pa reti iti. Zimaoneka ngati kusakhulupirirana koma ndewu yake yapatsogolo ndi yoipa kuposa manyazi a lero. Palinso ngongole zobisala, zomwe umalandira ndi kubweza mu ndalama ya kwanu osaona dola ndi maso, koma mkati mwa kontirakiti muli kamzere koti ndalama yolipira izitsatira reti ya dola. Ogulitsa magalimoto, mapuloti kapena makina pang'onopang'ono amakonda zimenezi. Imeneyo ndi ngongole ya madola yovala malaya a kwanu. Posaina fufuza paliponse pomwe patchulidwa ndalama yakunja kapena mawu oti reti, ndipo ufunse funso limodzi lokha, dola ikakwera mawa, zomwe ndizilipira pamwezi zisintha kapena ayi? Ayankhe polemba.

Tsopano ndinene mbali yomwe otsutsa ali ndi mfundo, poti ilipo. Loni ya kwanu nayo si yoyera. Zambiri intelesti yake imayenda, ndipo ndalama ikagwa banki yaikulu imakonda kukweza intelesti pofuna kuletsa mitengo kuthamanga, nde 24 uja atha kukhala 30. Zoona. Koma tayesani kuwerengera, pa 742,000 yotsala ija kwa miyezi 24, intelesti ikachoka pa 24 kufika pa 30 zolipira pamwezi zimachoka pa 39,200 kufika mozungulira 41,500. Zawawa, koma yerekezani ndi kulumpha kuchoka pa 31,300 kufika pa 47,000. Kusiyana kwake n'koti intelesti ikakwera imakhudza intelesti yokha, pomwe reti ikasuntha imakoka zonse, intelesti ndi ngongole yeniyeniyo. Komanso pali ubwino wina womwe wangongole wa kwanu amaupeza mwakachetechete, mitengo ikakwera masalale amatsatira olo mochedwa olo pang'ono, nde 39,200 uja chaka ndi chaka amapepuka poyerekeza ndi salale. Wa madola mwayi umenewu alibe. Akamuonjezera 15 peresenti kuntchito patatha miyezi isanu ndi umodzi, dola inakwera kale ndi 50, ndipo 15 yemweyo akulimbirana ndi zinthu zina zonse zomwe zakwera mtengo nthawi yomweyo.

Mfundo ina ya otsutsa ndi yoti alipo anapindula. Alipodi. Reti ikanakhala pa 100 zaka zonse zitatu mlamu wanga akanalipira 1,128,000 mmalo mwa 1,412,000, phindu loonekeratu. Koma onani mmene kubetchaku kulili kopendekera. Akawina, phindu lake lili ndi malire, 7,900 pamwezi basi, silingapitirire pamenepo pokhapokha ndalama ya kwawo ilimbe, zomwe sizichitikachitika kwa ndalama ya intelesti 24. Akaluza malire palibe. Pa 125 phindu la pamwezi latha kale. Pa 150 akulipira 47,000. Pa 200 ndi 62,600. Pa 300 salale yonse yatsala pang'ono kuthera pomwepo. Kampani yaikulu imatha kupita ku banki nkugula madola a mtsogolo pa reti yomangiratu lero kuti idziteteze, koma mtengo wa chitetezo chimenecho umakhala pafupifupi wofanana ndi kusiyana kwa intelesti kuja, ndiye phindu lonse limathera pomwepo, umboni winanso woti kutchipako sikunali kwenikweni. Munthu wamba zoterezi samupatsa n'komwe.

Ndipo m'mayiko momwe ndalama zakunja zimasowa muli vuto lina pamwamba. Utha kukhala ndi ndalama ya kwanu yokwanira bwinobwino m'manja, koma banki ikuti madola kulibe, lembetsani mudikire. Tsiku lolipira silidikira. Nde umakathera kwa osintha ndalama a mumsewu komwe reti ndi ina, yokwera kwambiri, mwinanso n'zoletsedwa ndi lamulo, kapena uchedwe ulipire chindapusa chomwe nachonso chili mu madola. Ukaona kuti reti ya mumsewu yatalikirana kwambiri ndi ya ku banki, chimenecho ndi chizindikiro chodalirika kuposa zolankhula za nduna, kuti reti ya ku bankiyo tsiku lina idzatsatira. Loni yako uziiwerengera pa reti ya mumsewuyo, osati ya pa bolodi la mu banki.

Amene ndingamulole kutenga ngongole yotere ndi mmodzi yekha, yemwe ndalama yake imalowa mu ndalama yomweyo. Wolandira salale ya madola, kapena wogulitsa katundu kunja nkumalipidwa madola, kwa iye reti isunthe isasunthe madola 313 ndi madola 313. Koma apanso chenjera ndi zinthu ziwiri. Kontirakiti ya ntchito ikhale yaitali kuposa ngongoleyo, chifukwa ntchito ya madola ya zaka ziwiri ndi ngongole ya zaka zisanu ndiye kuti zaka zitatu zotsalazo uli pa mzere umodzi ndi mlamu wanga. Chachiwiri, ndalama ikhale yomweyo ndithu, wolandira mayuro nkubwereka madola akubetchabe, kungoti pang'ono. Ndalama zomwe achibale akunja amatumiza ine sindiziwerengera ngati salale, zimabwera akafuna komanso akakwanitsa.

Kwa amene akuumirirabe, chitani kaye kamayeso aka musanasaine, sikatenga mphindi ziwiri. Tengani zolipira pamwezi muchulukitse ndi 1.5, kenako ndi 2, salale muisiye pomwe ili. Ngati pa 2 mukuona kuti lendi ndi fizi sizitheka ndiye kuti ngongoleyo simungaikwanitse, olo lero ikuoneka yopepuka. Ku Ulaya atapsa ndi furanki anaika lamulo mu 2014 loti pa ngongole za nyumba wobwereketsa azichenjeza kasitomala reti ikasuntha ndi zoposa 20 peresenti, koma 20 ndi muyeso wa ndalama zolimba, kwa ndalama yofooka ndi wochepa kwambiri. Ndipo mufunse ngati kontirakiti ikulola kusintha ngongoleyo kukhala ya kwanu pakati pa ulendo, pa reti iti, komanso ngati pali chilango ukabweza msanga.

Funso la kusintha ngongoleli ndi lomwe linatigoneka mochedwa ndi mlamu wanga usiku uja, chifukwa obwereketsa anamuuza kuti atha kumusinthira. Tinawerengera. 1,039,500 pa intelesti 24 kwa miyezi 24 yotsala ikubwera pafupifupi 55,000 pamwezi. Kukhalabe pa dola ndi 47,000. Nde kusintha pambuyo poti ndalama yagwa kale kumatanthauza kuvomera kuluza konse nkuwonjezerapo intelesti yokwera ija yomwe ankaithawa poyamba, ndipo kumangomupindulira ngati dola ipitirire 175. Khomo lotulukira linali lotchipa reti ili pa 100, pomwe panalibe chomuuza kuti atuluke. Anakhala chete nthawi yaitali akuzunguza foni ija patebulo, kenako anati "55,000 ndiidziwa, 47,000 sindiidziwa kuti mwezi wamawa idzakhala zingati". Anagulitsa njinga yake yamoto nkudulako madola 1,500 pa ngongoleyo, yotsalayo 814,500 anaisinthira mu ndalama ya kwawo, ndipo pano akudulidwa 43,000 pamwezi mpaka miyezi 24 ikwane.